Lizi ya weyahausi ya zaka 5: 100,000 imodzi yomwe inawerengedwa kawiri

Ndilembe za fayilo ina yomwe ndinaiwunika kumapeto a chaka, chifukwa cholakwika chomwe ndinachipezamo ndachiwona kale kangapo ndipo sichioneka msanga, jenolo imabalansa bwinobwino koma manambala ali olakwika kuyambira tsiku loyamba. Kampani sinditchula, komanso manambala ndawazungulitsa pang'ono kuti aziwerengeka mosavuta, ndipo sindiika dzina la ndalama chifukwa masamu ake ndi omwewo kaya mukulipira mu ndalama yanji.

Kampaniyi inachita lendi weyahausi yosungiramo katundu kwa zaka 5. Lendi ndi 100,000 pa chaka, ndipo imalipiridwa kumayambiriro kwa chaka, osati kumapeto. Mawu amenewa muwagwire chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kontirakiti anasainirana mu Novembala koma makiyi analandira pa 1 Januwale, ndipo tsiku lomwelo analipira 100,000 yoyamba. Chaka chawo cha maakawunti chimatha pa 31 Disembala, nde zinagwirizana bwino, panalibe zogawa miyezi.

Kupatula lendiyo munalinso tinthu tina mu fayilo. Ejenti yemwe anawapezera malowa analipidwa komishoni ya 6,000. Loya yemwe anawerenga kontirakiti asanasaine analipidwa 4,000. Mwini weyahausi anawapatsa 10,000 tsiku lolowa ngati chowanyengerera, poti malowo anali atakhala opanda munthu kwa nthawi. Pali 12,000 pa chaka ya alonda ndi okonza pamalo, yolembedwa payokha mu kontirakiti. Ndipo kumapeto kwenikweni, mu ndime ija anthu ambiri safikako, munalembedwa kuti potuluka ayenera kuchotsa mashelefu ndi makoma ogawa zipinda omwe aika, n'kubwezeretsa malowo m'mene anawapezera. Injiniya wawo anayerekeza kuti ntchito imeneyo idzadya 30,000 pakutha pa chaka chachisanu.

Kwa omwe anaphunzira maakawunti kale, m'masiku a IAS 17, lamulo lakale la kalembedwe ka malizi, lizi ngati iyi inali yosavuta, umangolemba lendi ngati ekisipensi chaka ndi chaka basi. IFRS 16, yomwe inalowa m'malo mwake, inatuluka mu Januwale 2016 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, ndipo inasintha zimenezo kwa wochita lendi. Pano umaika zinthu ziwiri pa balansi shiti tsiku loyamba: ngongole ya lizi, komanso aseti yoimira ufulu wako wogwiritsa ntchito katunduyo. Weyahausi si yako, koma ufulu woigwiritsa ntchito zaka 5 ndi wako ndipo ndi umene ukulembedwa. Amalola kusatero pa malizi osapitirira miyezi 12 ndi pa tinthu totsika mtengo monga laputopu kapena mipando ya mu ofesi, koma weyahausi ya zaka 5 silowa mumenemo.

Yemwe anakonza fayilo ndi mnyamata wakhama ndithu, wangolowa kumene ntchito. Ndinatsegula shiti yake ya Excel, pamwamba panali fomula iyi:

```
=PV(8%,5,-100000,0,1)
```

Yankho lake ndi 431,213 ndipo analemba kuti iyi ndiye ngongole ya lizi. Fomulayo payokha ilibe vuto, 1 wakumapetoyo akuuza Excel kuti malipiro ndi a kumayambiriro kwa chaka, nde apa anaganiza bwino. Vuto ndi loti 431,213 ndi mtengo wa lero wa malipiro onse asanu, kuphatikizapo loyamba lija lomwe ndalama yake inali itatuluka kale mu banki. Ngongole ya lizi imayezedwa pa malipiro omwe sanaperekedwe pa tsiku loyambira. Chomwe walipira kale si ngongole. Zikumveka zachibwana ndikanena choncho, koma munthu ukakhala pa Excel maso ali pa fomula umaiwala.

Kenako pokonza aseti anatenga 431,213 ija n'kuwonjezera 100,000 yomwe inalipiridwa tsiku loyamba, chifukwa anakumbukira kuti malipiro apatsogolo amalowa mu aseti. Zoona amalowa, koma 100,000 imeneyo inali kale mkati mwa 431,213. Yalowa kawiri. Anawonjezeranso 6,000 ya ejenti ndi 4,000 ya loya, aseti yake inafika 541,213. Ija 10,000 ya kwa mwini malo anaiponya ku ndalama zolowa ngati phindu, ndipo za kubwezeretsa malo sanazione n'komwe.

Chomwe chinandionetsa kuti pali vuto si fomula ayi, ndi tebulo lake la ngongole. Ine ndikalandira fayilo ya lizi ndimathamangira ku mzere womaliza kaye. Ngati zonse zili bwino ngongole imayenera kutha pa ziro malipiro omaliza akachitika, mwina kusiyana ndi 1 kapena 2 chifukwa chozungulitsa manambala. Yake inathera pa 46,933, ndipo pambali anali atalemba kuti kusiyanaku ndi kwa kuzungulitsa. Ndinamuitana n'kumufunsa, achimwene, 46,933 yonseyi ndi yozungulitsa eti? Anaseka yekha, akuti bwana inenso inandikayikitsa koma nthawi inali itatha. Chomwe chinachitika n'choti nambala yoyambira anaiwerengera ngati malipiro ndi a kumayambiriro, koma mu tebulo amayamba waika chiwongoladzanja cha chaka chonse kenako n'kuchotsa 100,000, ngati malipiro ndi a kumapeto. Njira ziwiri mu tebulo limodzi, sizingathere pa ziro.

Tinayambiranso pamodzi, ndipo tinayamba ndi mafunso omwe amabwera masamu asanayambe.

Tsiku loyambira ndi liti? Si Novembala pomwe anasaina. Ndi tsiku lomwe mwini malo wakupatsa katunduyo kuti uyambe kugwiritsa ntchito, apa ndi 1 Januwale pomwe makiyi anaperekedwa. Kuyambira Novembala mpaka Disembala palibe ngongole ya lizi pa balansi shiti, palibenso chiwongoladzanja.

Kutalika kwa lizi. Mu kontirakiti munali mwayi wowonjezera zaka 3, nde timayenera kuona ngati tiwerengere 5 kapena 8. Lamulo limati zaka zowonjezerazo umaziphatikiza pokhapokha ngati zili pafupifupi zotsimikizika kuti udzatenga mwayiwo, osati chifukwa manijala wanena kuti mwina tidzakhalabe. Apa lendi ya zaka zowonjezera idzakhala pa mtengo wa pamsika wa nthawi imeneyo, palibe kuchotsera kulikonse kowakopa, mashelefu omwe aika ndi omasula, ndipo malo ena ofanana alipo. Tinakhala pa 5 ndipo ndinalemba zifukwazi mu fayilo, chifukwa oditala akabwera funso lawo loyamba limakhala limeneli.

Ija 12,000 ya alonda ndi okonza si lizi, ndi ntchito yomwe akukugwirira, sikukupatsa ufulu pa katundu aliyense. Mtengo wake unali wofanana ndi womwe akanalipira kwa kampani ina ya alonda, nde tinaisiya kunja kuti izilembedwa ngati ekisipensi chaka chilichonse. IFRS 16 imalola kusankha kuphatikiza zonse pamodzi ngati lizi imodzi kuti usavutike kugawa, koma ukatero ngongole yako imafufuma. Apa mnyamatayu anachita bwino, anali ataisiyanitsa kale.

Nkhani ya peresenti ndi yomwe tinakhalitsapo. Lamulo limati uyambe ndi chiwongoladzanja chobisika mu lizi momwemo ngati chikupezeka mosavuta, koma kuti uchipeze umafunika kudziwa zinthu za mwini malo monga mtengo womwe akuyembekeza kuti weyahausiyo idzakhala nawo lizi ikatha, ndipo sakuuza zimenezo. Nde pa malizi a nyumba pafupifupi nthawi zonse timagwiritsa ntchito peresenti yomwe kampaniyo ikanalipira ikanati ikabwereke ndalama zofanana, kwa nthawi yofanana, ndi chikole chofanana, pa tsiku loyambira lizi. Osati peresenti ya ovadirafuti, imeneyo ndi ya nthawi yaifupi komanso nthawi zambiri ilibe chikole. Kampaniyi inali ndi kalata ya ku banki ya mwezi womwewo yowapatsa ngongole ya zaka 5 ya chikole pa 8 peresenti, nde 8 inali ndi poyimira. Ndinaiyesa ndi manambala ena kuti ndione kulemera kwake: pa 6 peresenti ngongole ikanakhala 346,511, pa 10 ikanakhala 316,987. Peresenti ikakwera ngongole imatsika, ndiye muziona bwino anthu omwe amakonda kusankha peresenti yokwera popanda pepala lililonse loikira kumbuyo, makamaka ngati banki yawo inawaikira malire a ngongole.

Tsopano ngongole yeniyeni. Malipiro otsala ndi anayi, lina lidzachitika pakatha chaka chimodzi, lina ziwiri, lina zitatu, lina zinayi. Lililonse timaligawa ndi 1.08 kangapo molingana ndi zaka zomwe likudikira. La chaka chimodzi likutuluka 92,593, la zaka ziwiri 85,734, la zitatu 79,383, la zinayi 73,503. Kuphatikiza zonse ndi 331,213. Mu Excel ndi chonchi:

```
=PV(8%,4,-100000)
```

Muona kuti ndi 431,213 ija kuchotsa 100,000 ndendende. Ine ndimakonda kuwerengera malipiro limodzi limodzi kaye ndisanakhulupirire fomula, chifukwa ukamalemba tsiku la malipiro aliwonse pambali sungaikemo lomwe lalipiridwa kale osazindikira.

Aseti imayambira pa ngongole imeneyi, 331,213. Timawonjezera 100,000 yomwe inalipiridwa tsiku loyamba, apa tsopano ikulowa kamodzi. Timawonjezera 6,000 ya ejenti chifukwa komishoniyo sikanalipiridwa lizi ikanapanda kutheka. Ya loya ija ayi, ndipo apa mnyamatayu anatsutsa ndithu, akuti koma bwana ndalamayo inapita chifukwa cha lizi yomweyi. Ndinamufunsa kuti loya atawerenga n'kunena kuti musasaine, ndipo inu osasaina, bilu yake ikanabwera kapena ayi? Ikanabwera. Nde si ndalama yomwe yatuluka chifukwa lizi yapezeka, ndi ekisipensi wamba, 4,000 imapita ku phindu ndi kutayika chaka chomwecho. Zikanakhala kuti loyayo amalipidwa pokhapokha kontirakiti ikasainidwa, yankho likanasintha.

10,000 ya kwa mwini malo imachotsedwa pa aseti. Si phindu la tsiku limodzi, kwenikweni ndi kutsitsa mtengo wa lendi, nde phindu lake limabwera pang'onopang'ono kudzera mu dipulisiyeshoni yocheperako pa zaka zonse 5. Zikanakhala kuti anangolonjeza koma sanapereke, tikanaichotsa ku malipiro powerengera ngongole, koma apa inali italowa kale mu banki.

Chomaliza ndi kubwezeretsa malo. 30,000 ya pakatha zaka 5 timaibweretsa pa mtengo wa lero n'kuiika mu aseti, ndipo mbali inayo imakhala provishoni, ndalama yoimira udindo womwe udzalipiridwe mtsogolo, pansi pa lamulo la IAS 37, payokha, osaisakaniza ndi ngongole ya lizi. Peresenti yake sikuti iyenera kufanana ndi ya lizi, IAS 37 ili ndi kayezedwe kake, koyang'ana mtengo wa ndalama pa nthawi ndi chiopsezo cha udindo womwewo. Apa tinagwirizana pa 6 peresenti, ndipo 30,000 inatsika kufika 22,418. Mashelefu ndi makoma anaikidwa polowa pomwe, nde udindowo unalipo kuyambira pachiyambi.

Kuphatikiza: 331,213 ndi 100,000 ndi 6,000, kuchotsa 10,000, kuwonjezera 22,418, aseti ikukhala 449,631. Yake ija inali 541,213, kusiyana kwa 91,582. Jenolo ya tsiku loyamba ndi debiti aseti 449,631, kirediti ngongole ya lizi 331,213, kirediti provishoni 22,418, kirediti banki 96,000. Ya banki ndi 100,000 ndi 6,000 zotuluka kuchotsa 10,000 yolowa. Mzere wa banki umenewu ndi poyesera pena pabwino kwambiri, chifukwa uyenera kugwirizana ndi sitetimenti ya ku banki, sungaupeke. Mu fayilo yoyamba jenolo imabalansa chifukwa ngongole inafufuma ndi 100,000 ndipo aseti inafufumanso ndi 100,000 yomweyo, mbali zonse ziwiri zinalakwa mofanana, nde palibe chinalira.

Chiwongoladzanja cha chaka choyamba ndi 8 peresenti ya ndalama yomwe inali ngongole chaka chonsecho. Kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Disembala panalibe malipiro ena, nde ndi 8 peresenti ya 331,213, yomwe ndi 26,497. Iye anali atapeza 34,497, kupitirira ndi 8,000 ndendende, yomwe ndi 8 peresenti ya 100,000 ija. Mukaona chiwongoladzanja chasiyana ndi chomwe mumayembekeza ndi nambala yozungulira bwino chonchi, yofanana ndi peresenti kuchulukitsa ndi lendi imodzi, dziwani kuti vuto lili pa nthawi ya malipiro. Pa 31 Disembala ngongole yakwera kufika 357,710. Anthu ena amadabwa kuona ngongole ikukwera m'malo motsika, koma ndi mmene zimakhalira ukamalipira kumayambiriro, chiwongoladzanja chaunjikana ndipo malipiro akubwera mawa lake.

Tebulo lonse linayenda motere. Pa 1 Januwale chaka chachiwiri 100,000 ikuchoka, kutsala 257,710, chiwongoladzanja chake 20,617. Chaka chachitatu chikuyamba ndi 178,327 malipiro atachoka, chiwongoladzanja 14,266. Chachinayi chikuyamba ndi 92,593, chiwongoladzanja 7,407, zomwe zikufikitsa ngongole pa 100,000 ndendende, ndipo malipiro omaliza a 1 Januwale chaka chachisanu akuitsitsa pa ziro. Chaka chachisanu mulibe chiwongoladzanja cha lizi ngakhale akugwiritsabe ntchito weyahausi. Chiwongoladzanja chonse pamodzi ndi 68,787, ndipo mukachotsa 331,213 pa 400,000 ya malipiro anayi mupeza 68,787 yomweyo.

Pogawa ngongole ya kumapeto kwa chaka choyamba kuti ina ndi ya posachedwa ina ya mtsogolo, ine ndimayang'ana yomwe idzatsale malipiro otsatira akangochitika. Imeneyo ndi 257,710, ndiyo ya mtsogolo. Yotsalayo, 100,000, ndi ya posachedwa, ndipo mkati mwake muli 26,497 ya chiwongoladzanja chomwe chaunjikana ndi 73,503 yobweza ngongole yeniyeni. Cholakwika chomwe ndimachiona apa ndi kuchotsa chiwongoladzanja cha chaka chachiwiri pa 100,000, njira imeneyo ndi ya malipiro a kumapeto kwa chaka, apa sigwira chifukwa ndalama ikutuluka chiwongoladzanja cha chaka chachiwiri chisanayambe n'komwe.

Dipulisiyeshoni ndi yosavuta. Weyahausi idzabwerera kwa mwini wake, palibe zogula kumapeto, nde timagawa pa nthawi yaifupi pakati pa moyo wa katunduyo ndi kutalika kwa lizi, apa zaka 5. 449,631 kugawa 5 ndi 89,926 pa chaka, aseti ikutseka chaka pa 359,705. Provishoni nayo imakula ndi 6 peresenti, 1,345 chaka choyamba, ndipo imeneyi imalembedwa ku mbali ya chiwongoladzanja.

Pomwe panavuta si pa masamu koma pokawafotokozera akuluakulu a kampani. Iwo mu bajeti anaika 100,000 ya lendi. Ife tikubwera ndi 89,926 ya dipulisiyeshoni, 26,497 ya chiwongoladzanja ndi 1,345 ya provishoni, zonse 117,768, osawerengera alonda ndi loya. Dairekitala wa zachuma anandiyang'ana n'kunena kuti akulu, ife talipira 100,000, enawa achokera kuti? Ndinawaonetsa chaka chachisanu, pomwe chiwongoladzanja cha lizi ndi ziro ndipo zonse zikukhala cha m'ma 91,600. Dipulisiyeshoni imayenda mofanana koma chiwongoladzanja chimalemera koyambirira pomwe ngongole ili yaikulu, nde zaka zoyamba zimaoneka zodula, zomaliza zotchipa. Mukaphatikiza zaka zonse 5 mupeza 526,000, yomwe ndi 500,000 ya lendi, 6,000 ya ejenti ndi 30,000 yobwezeretsa malo, kuchotsa 10,000 ija. Palibe ndalama yopeka, yangosuntha zaka. Anamvetsa, ngakhale sanasangalale, ndipo chomwe chinawatonthoza pang'ono n'choti lendi yachoka pamwamba pa EBITDA, phindu lomwe limawerengedwa asanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi dipulisiyeshoni, nde nambala imeneyo ikuoneka bwino kuposa kale.

Chinthu chimodzi chomwe ndinasiya cholembedwa mu fayilo kuti adzachikumbukire: lendi ya mu kontirakiti iyi ndi yokhazikika, nde tebulo silisintha pokhapokha asinthe maganizo pa zaka 3 zowonjezera zija chifukwa cha chinthu chachikulu chomwe iwo achita, monga kumanga chipinda chozizira chodula mkatimo, kapena akambirane kontirakiti yatsopano. Zikatero ngongole iyenera kuyezedwanso ndi peresenti ya nthawi imeneyo, ndipo kusiyana kwake kupita ku aseti. Kampaniyi ili ndi lizi ina ya ofesi yomwe lendi yake imakwera motsatira mitengo ya zinthu, imeneyo poyamba umawerengera ndi lendi ya tsiku loyambira osalosera za kukwera, kenako umayezanso lendi ikasintha. Ndamupatsa mnyamata uja kuti aikonze yekha sabata ino, ndipo ndamuuza kuti asanabwere nayo kwa ine ayang'ane mzere womaliza wa tebulo komanso afananitse kirediti ya banki ndi sitetimenti.